Idyani, Achimwene: Lamulo la Kudya pa Drafuti ndi Katcheredwe ka Msampha wa Zitatu

Mkangano waukulu pa bolodi ya drafuti subwera chifukwa wina waba chitsekerero. Umabwera pamene wina ali ndi mpata wodya koma sakufuna kudya. Mnzake amaloza ndi chala n'kunena kuti, "Idyani apo, achimwene." Iye amayankha kuti, "Sindikufuna, masewera ndi anga." Oonerera nawo amagawikana, ena akuti adye basi, ena akuti angomulanda chitsekerero chimene chakana kudyacho masewera apitirire. Mfundo yanga ndi yakuti amene akuti adye basi ndiwo akulondola, ndipo chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akayala zitsekerero pa bolodi n'kuona yekha.

Lamulo lake ndi lalifupi. Ngati chitsekerero cha mnzanu chagundana ndi chanu mopingasa, ndipo bokosi la kuseri kwake lili lopanda kanthu, muyenera kudumpha ndi kudya. Simungakankhe china. Mukatera pa bokosi lija n'kupeza kuti pali chinanso chodyeka, muyenera kupitiriza mpaka njira itatha. Kuima pakati n'koletsedwa. Olemba mbiri ya masewerawa amati chilango cha wokana kudya chidakhazikika ku France m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwa nthawi yaitali chilangocho chinali chomwe chija timachidziwa pansi pa mtengo wa mango: kulandidwa chitsekerero. Malamulo a mipikisano ya masiku ano adachotsa kulandako. Munthu akalephera kudya, mnzake amamubweza kuti abwezere chimene wakankha ndipo adye.

Pamene malamulo amasiyana ndi pa nkhani ya kusankha. Drafuti ya ku England, imene zitsekerero wamba zimadya chakutsogolo kokha ndipo kingi amayenda bokosi limodzilimodzi, imakulolani kusankha njira iliyonse ngati zodya zilipo ziwiri, bola mumalize imene mwasankhayo. Ya ku Russia nayo imapereka ufulu womwewo, ngakhale kuti kumeneko chitsekerero wamba chimadya ndi chammbuyo chomwe ndipo kingi amathamanga mzere wonse. Koma pa drafuti ya mabokosi 100, imene aliyense amayamba ndi zitsekerero 20, komanso pa ya ku Brazil ya mabokosi 64, mumakakamizidwa kutenga njira yodya zambiri. M'malo ambiri kwathu kuno anthu amalola kudya chammbuyo ndi kingi wothamanga, koma pa za kusankha bwalo lililonse lili ndi chizolowezi chake. N'chifukwa chake ndi bwino kugwirizana musanayambe, chifukwa msampha umene umagwira pa lamulo lina ukhoza kuphonya pa lina.

Tsopano taonani chimene lamuloli limatanthauza kwa munthu wodziwa. Pa masewera wamba, inu mumakankha chanu, mnzanu amakankha chake chimene wafuna. Koma mukamupatsa chodya, mwamulanda ufulu wosankha. Mwamuuza chitsekerero chimene asunthe, bokosi limene achoke ndi bokosi limene akatere. Kwa kanthawi kameneko inuyo ndinu mukusewera mbali zonse ziwiri. Chitsekerero chimene mwapereka ndi nyambo, ndipo ntchito yake ndi imodzi mwa ziwiri: kukokera cha mnzanu pamalo pamene mukuchifuna, kapena kuchichotsa pamalo pamene chikukutsekerezani.

Kuti timvane, tengani bolodi yanu ya mabokosi 64, muiike kuti bokosi lakuda likhale pakona ya kumanzere kwanu. Inuyo ndinu wa zoyera, kaya zanu ndi zitsekerero zovundikira kapena zogadamitsa. Mizere yochoka kwa inu kupita kwa mnzanu muitche a, b, c, d, e, f, g, h kuyambira kumanzere. Mizere yopingasa muiwerenge 1 mpaka 8 kuyambira kwa inu. Motero kona yanu ya kumanzere ndi a1, ndipo kona yoyang'anizana nayo kutsidyako ndi h8. Kulemba ndi makala kapena choko m'mphepete mwa bolodi kumathandiza kwambiri tsiku loyamba.

Tiyambe ndi kamsampha kakang'ono. Ikani zoyera pa b2, c3, d4, g3 ndi h2. Ikani zakuda pa d6, f6 ndi a5. Dzanja ndi lanu. Kankhani d4 kupita pa e5, pakati penipeni pa zakuda ziwiri zija. Wongodutsa angaganize kuti mwasokonezeka. Mnzanu ayenera kudya, ndipo ali ndi njira ziwiri. Akadya ndi cha pa f6, atera pa d4. Pamenepo chanu cha pa c3 chidumpha kukatera pa e5, n'kudumphanso cha pa d6 kukatera pa c7. Akadya ndi cha pa d6, atera pa f4. Chanu cha pa g3 chidumpha kukatera pa e5, n'kudumphanso cha pa f6 kukatera pa g7. Kulikonse kumene angalowere, mwapereka chimodzi, mwatenga ziwiri, ndipo mwatsala bokosi limodzi kuti mukhale ndi kingi.

Musafulumire kuchotsa zitsekererozo, chifukwa phunziro lili pa zimene zimaononga msamphawu. Chotsani choyera cha pa b2 n'kubwereza. Mnzanu akatera pa d4 apeza kuseri kwa c3 kuli pululu, adumphanso, ndipo inuyo ndi amene mwadyedwa ziwiri. Cha pa b2 chija sichinasunthe n'komwe, koma n'chimene chinagwira msampha wonse. Bwezerani b2, muike chakuda pa c7. Tsopano njira yanu ya kumanzere yatsekeka. Mnzanu asankha kudya ndi f6, inu mudya chimodzi chokha, ndiye mwangosinthana. Chotsani cha pa c7 muchiike pa b8. Mudya ziwiri ndithu, koma mukatera pa c7 cha pa b8 chikudumphani kukatera pa d6 pamene mwachotsapo nokha, ndipo zathera ziwiri kwa ziwiri. Mafunso ake ndi omwewo nthawi zonse: kodi akadya angapitirire? Kodi ali ndi njira ina yodyera? Kodi pamene ndikatere pali bwino?

Msampha waukulu umene ndikufuna tiuyende bwinobwino ndi wakale kwambiri. Osewera drafuti ya ku England amautcha dzina la Juan García Canalejas, munthu wa ku Spain amene buku lake la masewerawa lidatuluka mu 1650. Kukoma kwake n'kwakuti umachitika masewera atangoyamba, zitsekerero zonse 24 zili pa bolodi, ndipo umagwira kaya mukulola kudya chammbuyo kaya ayi. Yalani zitsekerero monga mwa nthawi zonse, zoyera pa mizere 1 mpaka 3, zakuda pa mizere 6 mpaka 8. Wa zakuda ndiye ayambe.

Wa zakuda akankha f6 kupita pa g5. Inu mukankha e3 kupita pa d4. Iye apitiriza ndi chomwe chija, g5 kupita pa h4, kumphepete kumene anthu ambiri amati n'kotetezeka poti palibe angachidumphe. Inu mukankha g3 kupita pa f4. Mpaka apa palibe walakwa. Tsopano wa zakuda aona kuti pa f6 pali mpata, ndipo mwachibadwa afuna kuutseka. Akankha g7 kupita pa f6. Kukankha kumeneku kumaoneka kwaukhondo, kwa munthu wosamala, koma masewera athera pomwepa.

Imani kaye, muyang'ane bolodi ndi maso a wotchera. Wotchera sayamba ndi funso lakuti ndikankhe chiti. Amayamba ndi kumapeto: kodi pali njira ya mabokosi opanda kanthu imene chitsekerero changa chingadutse chikudumpha? Apa bokosi la g7 latseguka, ndipo lili kuseri kwa chakuda cha pa f6. Bokosi la e5, kutsogolo kwa f6, nalonso lilibe kanthu. Choncho choyera chilichonse chimene chingatere pa e5 chili mkati modya chipitirira mpaka pa g7. Bwererani mmbuyo pang'ono: kuti chifike pa e5 chikudya, pafunika chakuda pa d4 kapena pa f4. Bwereraninso: bokosi la g3 lilibe kanthu, ndipo lili kuseri kwa f4. Chakuda chitapezeka pa f2 ndi china pa f4, choyera cha pa e1 chikhoza kuyenda e1, g3, e5, g7, zitatu pa ulendo umodzi. Vuto ndi lakuti pa f2 ndi pa f4 pakali zanu zomwe. Ntchito ya nyambo ndi kusintha zimenezo.

Nyambo yoyamba: f4 kupita pa e5. Zakuda ziwiri zagundana nacho, cha pa d6 ndi cha pa f6. Koma cha pa f6 sichingadye, chifukwa chikadatera pa d4 pamene pali chanu. Njira yatsala imodzi, d6 kudumpha kukatera pa f4. Mwataya chimodzi, koma chakuda chafika pamene mumachifuna, ndipo bokosi la d6 latseguka.

Nyambo yachiwiri: d4 kupita pa c5. Cha pa d6 chikadakhalapo, mnzanu akadasankha. Poti chachoka, chodya ndi cha pa b6 chokha, ndipo chitera pa d4. Sichingapitirire, popeza kuseri kwa c3 kuli b2. Tsopano mwataya ziwiri osadya kanthu, ndipo apa m'pamene oonerera amayamba kuseka. Dzanja ndi lanu, ndipo nanunso lamulo likukukakamizani: c3 idumpha d4 kukatera pa e5, idumphanso f6 kukatera pa g7. Ziwiri kwa ziwiri.

Pano pali pogwera. Ngati mumalola kudya chammbuyo, mukafika pa e5 muona njira ziwiri: kupitirira ku g7, kapena kubwerera kudumpha cha pa f4 n'kutera pa g3. Zonse zimadya ziwiri, ndipo yobwererayo imaoneka yabwino chifukwa chitsekerero chanu chimapulumuka. Musaitenge. Cha pa f4 chija mudachigula ndi nyambo yoyamba kuti chikhale popondera, ndipo mukachidya tsopano msampha watha, masewera angokhala 10 kwa 10.

Chanu chili pa g7, pakati pa adani atatu, ndipo chidyedwa. Funso ndi lakuti achidya ndani. Cha pa f8 chikadatera pa h6, koma pali chinzake. Cha pa h6, ngakhale kudya chammbuyo kutaloledwa, chikadatera pa f8, pamenenso pali chinzake. Chatsala ndi cha pakona, h8, chimene chidumpha kukatera pa f6. Taonani zimene zachitika. Pa f6 pabwera chakuda china, g7 yatsegukanso, ndipo mlonda wa pakona, yekhayo amene amatha kudya chofika pa g7, wachoka pakhomo. Mwataya zitatu, mwadya ziwiri.

Nyambo yomaliza: f2 kupita pa g3. Chagundana ndi cha pa f4 komanso cha pa h4. Cha pa f4 sichingadye chifukwa pa h2 pali chanu. Ndiye cha kumphepete chija, chimene mwiniwake amati chili pabwino, chikakamizika kudumpha kukatera pa f2. Tsopano zonse zili m'malo. Cha pa e1 chidumpha f2 kukatera pa g3, chidumpha f4 kukatera pa e5, chidumpha f6 kukatera pa g7. Palibenso wochidya. Njira ya ku h8 yatseguka, kumene mukavale ufumu. Mwataya zinayi, mwadya zisanu. Mwatsala ndi 8, iye 7, ndipo kingi ndi wanu. Pakati pa anthu odziwa, kusiyana kumeneko n'kokwanira kupambana.

Samalaninso ndi dzanja pa kudya komalizaku, chifukwa cha pa f2 chimadyeka ndi zanu ziwiri. Mukatenga cha pa g1, muyenda e3 kenako g5, mwadya ziwiri zokha, ndipo pa g5 akudyani nthawi yomweyo. Pa lamulo lokakamiza kudya zambiri simungalakwe, lamulo lenilenilo likutengerani ku e1. Pa lamulo losankha, kulakwa n'kwanu.

Nawu ulendo wonse mwachidule, kuti muulembe kuseri kwa bolodi. Kamzere kakutanthauza kukankha, x akutanthauza kudya, ndipo pa mzere uliwonse zakuda ndizo zayamba.

```
1. f6-g5   e3-d4
2. g5-h4   g3-f4
3. g7-f6   f4-e5
4. d6xf4   d4-c5
5. b6xd4   c3xe5xg7
6. h8xf6   f2-g3
7. h4xf2   e1xg3xe5xg7
```

Werengani mzere wa zakuda kuyambira pa 4 mpaka pa 7. Kanayi konse mnzanu sanasankhe kanthu. Umu ndimo mungadziwire msampha weniweni: kuyambira nyambo yoyamba mpaka kudya komaliza, mnzanu asapeze mpata ngakhale umodzi wokankha chimene akufuna. Mukafuna kukankha kokonzekera kumene sikukumukakamiza kudya, dziwani kuti mwamupatsa nthawi yotseka dzenje, ndipo munthu wamaso alitseka.

Dongosolo la nyambo nalo lili ndi kulemera kwake. Mutayamba ndi d4 kupita pa c5, cha pa d6 chikadalipo, mnzanu akhoza kudya ndi chimenecho n'kutera pa b4, ndipo palibe chakuda chimene chingafike pa f4. Nyambo ya pa e5 iyenera kutsogola chifukwa imagwira ntchito ziwiri, kuika popondera ndi kuchotsa wosokoneza. Koma zigawo ziwiri zotsatirazo mukhoza kuzisinthanitsa. Yesani: cha pa d6 chikangotera pa f4, perekani f2 pa g3, mudye zitatu ndi e1, cha pa h8 chikudyeni, kenako perekani d4 pa c5 n'kumaliza ndi c3. Zitsekerero zithera m'mabokosi omwewo. Chofunika n'chakuti choyamba kufika pa g7 chimafa kuti chikoke mlonda wa pakona, chachiwiri ndicho chimalowa ufumu.

Tsopano tibwerere ku mkangano wa kulanda. Ikani bolodi monga inalili mutangopereka nyambo yomaliza pa g3, ndipo tinene kuti pabwalo lanu wokana kudya amangolandidwa chitsekerero. Mnzanu, ataona zimene zikubwera, akana kudya. Akankha f6 kupita pa e5, kutseka kuseri kwa f4. Inu mulanda cha pa h4. Werengani: 9 kwa 9, palibe kingi, palibe zitatu. Zonse zimene munawerengera kuyambira pa nyambo yoyamba zapita pachabe, ndipo amene analakwitsa poyamba uja wadzigula ndi chitsekerero chimodzi. Kulanda kumaoneka ngati chilango, koma pa malo ngati awa ndi khomo lothawira. Kumalanga woiwala, n'kupulumutsa wochenjera amene wakana dala. Ngakhale malamulo akale a ku Britain, pamene kulanda kunali kololedwa, ankapatsa wolakwiridwayo ufulu wosankha pakati pa kulanda ndi kukakamiza mnzake kudya. Bwalo limene lasunga kulanda kokha lasunga theka loipa la lamulo lakalelo.

Pali tinthu tiwiri tina timene timadzetsa phokoso pa kudya kotsatizana, ndipo ndi bwino kutidziwa. Koyamba, kumene kingi amathamanga mzere wonse, malamulo amati zitsekerero zodyedwa zichotsedwe kudumpha konse kutatha, osati chimodzichimodzi m'njira, ndipo chimodzi sichidumphidwa kawiri. Pa zitsekerero wamba kusiyana kwake sikuoneka kawirikawiri, koma kwa kingi n'kwakukulu: chodyedwa kale chimene chikadali pa bolodi chimatha kumutsekera njira, iye n'kuima pamalo pamene adyedwe. Kachiwiri, chitsekerero wamba chikafika pa mzere womaliza chili mkati modya. Ku England chimaima pomwepo, chavala ufumu, dzanja lapita kwa mnzake. Ku Russia chimasanduka kingi nthawi yomweyo n'kupitiriza kudya ngati kingi. Pa ya mabokosi 100 ndi ya ku Brazil, ngati pali chodya chammbuyo chimapitirira monga chitsekerero wamba, ndipo ufumu sichiupeza pokhapokha ulendo utathera pa mzere womalizawo. Amene nyambo yake ikukokera cha mnzake ku mzere wake wa kumbuyo ayenera kudziwa kuti akusewera lamulo liti, apo ayi adzipangira yekha kingi womudya.

Nanga wa zakuda akadatani? Pa kukankha kwachitatu, m'malo mwa g7 kupita pa f6, akadakankha d6 kupita pa c5, kumene mabuku a masewerawa amalimbikitsa, ndipo kuseri kwake kuli b6 yochiteteza. Chimene chidamupweteka n'chakuti anayang'ana mpata umene amatseka, osayang'ana umene amatsegula. Kukankha kulikonse kumasiya bokosi lopanda kanthu kumbuyo. Zizindikiro za ngozi zimaoneka ngati munthu wazizolowera: chitsekerero chanu chimene chili ndi bokosi lopanda kanthu kutsogolo ndi kuseri komwe pa mzere umodzi wopingasa, zitsekerero zanu zotalikirana bokosi limodzilimodzi ngati makwerero, ndi cha kumphepete chimene chili pafupi ndi dera la mnzanu. Cha kumphepete sichidyeka, n'zoona, koma chimakokeka. Musanachotse chala pa chitsekerero, dzifunseni kuti mnzanu akakupatsani chaulere pano, mudya ndi chiti, mukatera pati, ndipo musiya bokosi liti lotseguka. Akakupatsani kale, nthawi yofunsa yatha, chifukwa lamulo silikulolani kukana.

Yalani bolodi madzulo ano, muyende mizere isanu ndi iwiri ija mpaka manja aizolowere, kenako mutembenuze bolodi muiyende muli mbali ya zakuda kuti muone mmene g7 imaonekera kwa munthu amene watsala pang'ono kugwa. Ndipo mukapita pabwalo, musanakankhe chitsekerero choyamba, gwirizanani ndi mnzanuyo kuti wopeza chodya adye, zolandana palibe.